Lisiti yafufuma, nkongole ikali: mmene mungawerengere kope ya kaboni

Mvula ikagwa masiku awiri motsatizana mu Misisi, madzi amalowa m'nyumba. Anthu amayamba kukweza matiresi, thumba la unga ndi wailesi. Mapepala amawakumbukira pambuyo, madzi atafika kale pa katoni ya pansi pa bedi. Amene analiko mu 2010 akumbukira mabanja a mu Misisi ndi makomboni ena oyandikira amene anasamutsidwa kukakhala m'matenti kufupi ndi Independence Stadium cifukwa ca kusefukira kwa madzi. Caka ciliconse cinyontho cimabwerera, ndipo cimaononga mapepala ngakhale pamene madzi sanafike m'maondo.

Pakati pa mapepala amenewo pali tumalisiti twa pinki ndi twa cikasu tumene azimai a tuntemba amabwera nato kucoka ku Soweto, ku City Market ndi ku Kamwala. Wogula amene walipira zonse amapatsidwa pepala la pamwamba, loyera, lolembedwa ndi bolopeni. Koma ambiri a m'komboni amaoda pa nkongole, ndipo mashopu ambiri a holoselo amasunga pepala la pamwambalo mpaka nkongole itatha. Wogula amapita ndi kope ya pansi, ija imene zilembo zake zinacita kudutsa cabe. Wamalonda wamng'ono, amene sangakwanitse kuluza ngakhale K100, ndiye amatsala ndi umboni umene umayamba kuzimirira. Papita miyezi iwiri, wa holoselo akamba nambala yake, inu mukamba yanu, ndipo kapepala kamene kanayenera kuthetsa mkangano kaoneka monga munthu anakacapa.

Nthawi zambiri lisiti yotere imawerengeka ndithu. Koma amene amaiyang'anitsitsa cabe mpaka maso atawawa amathera poona nambala imene mtima wake ufuna. Njira yodalirika ndi yofufuza nambala iliyonse kawiri, poyamba ndi maso, kenaka ndi cinthu cina cimene sicidalira maso, monga masamu a pa lisiti yomweyo kapena malisiti anzake.

Coyamba, dziwani pepala limene muli nalo

Timangoti "kaboni" pa zonse, koma pali mitundu itatu, ndipo cimene cithandiza mtundu umodzi cimaononga wina.

Kaboni yeniyeni ndi ija ya pepala la buluu kapena lakuda limene wogulitsa amalowetsa pakati pa masamba awiri. Utoto wake umakhala pamwamba pa pepala, ndipo mukapaka cala umafalikira. Kaboni imeneyi siizimirira msanga ndi dzuwa. Vuto lake n'lakuti pepala limodzi la kaboni amaligwiritsa nchito buku lonse mpaka litatheratu, makamaka pa malo amene amalembapo nthawi zonse, pa deti ndi pa totolo. Cotero kope imabadwa yofooka kale pa malo enieni amene mufuna.

Mtundu waciwiri ndi wa mabuku amene alibe pepala la kaboni pakati, aja a masamba oyera, acikasu ndi apinki. Kumbuyo kwa tsamba la pamwamba kuli timatumba ting'onoting'ono ta utoto wosaoneka ndi maso. Bolopeni ikakanikiza, timatumbato timaphulika, utoto umakumana ndi mankhwala a pankhope ya tsamba la pansi, ndipo zilembo zimatuluka za buluu kapena zotuwa. Zilembo zimenezi ndiye zimaopa dzuwa, mafuta, selotepu ndi mapulasitiki ena ofewa. Lisiti imene yakhala sabata ziwiri pa windo la kantemba, kapena pafupi ndi botolo la saladi, imatha kutsala mthunzi cabe.

Wacitatu si kaboni n'komwe. Ndi kaja koterera ka pa makina a m'masitolo akulu, ka mafuta a galimoto ndi ka mayunitsi a malaiti. Kamalembedwa ndi kutentha. Kuti mukadziwe, kandani pakona ndi cikhadabo mwamsanga, ndipo patuluka mzere wakuda. Pa kope ya pinki ya pansi penipeni sipatuluka kanthu. Kapepala kotentha aka musakasite, musakaike pafupi ndi mbaula, ndipo musakapereke kuti akamate mu pulasitiki ya makina otentha ku situdiyo, cifukwa kadzatuluka kakuda konse. Anthu ambiri ataya umboni wao mwa njira imeneyi, poganiza kuti akuusunga bwino.

Ngati malisiti anyowa, alekanitseni mosamala akali ofewa, muwagoneke limodzi limodzi pa pepala loyera pa mthunzi. Pa nyuzipepala iai, cifukwa inki yake ingasamukire pa lisiti. Zina zonse zibwere atauma.

Tiyerekeze ndi lisiti imodzi

Titenge citsanzo, ndipo mitengo yake ndi yongoyerekeza. Amai ena ali ndi kantemba mu Misisi, amagulitsa tumapamela twa unga, saladi ya m'tumapulasitiki ndi sopo. Mu Malici 2025 anaoda katundu pa nkongole ku holoselo ina ku Soweto, nalipirako gawo. Tsopano abwera kudzatsiriza. Iwo akuti analipira K1,700. Wa holoselo akuti m'maganizo mwake ndi K1,100, ndipo buku la mwezi umenewo lili "ku nyumba kwa abwana". Kusiyana ndi K600. Pa kantemba ka tumapamela, imeneyo ndi phindu ya masiku ambiri.

Kope ya pinki imene amaiwo ali nayo ilibe dzina la shopu, cifukwa ndi ya buku wamba logula m'sitolo ya mapepala. Nambala yofiira ya pakona ioneka bwino, 4431, pakuti imeneyo inasindikizidwa ndi makina. Deti ioneka motere: 1, kenaka nambala yosadziwika, kenaka 3 ndi 25. Pali mizere itatu ya katundu, totolo, ndalama yolipira ndi balansi, ndipo paliponse pali nambala imodzi kapena ziwiri zimene zazimirira.

Musanacite ciliconse, jambulani lisitiyo kutsogolo ndi kumbuyo, mmene iliri. Ikani pa tebulo kapena pa buku lakuda, pafupi ndi khomo masana, kunja kwa dzuwa lenileni. Foni ikhale pamwamba molunjika, osapendeka, ndipo fulashi ikhale yozima cifukwa imayeretsa zilembo zofooka. Cithunzi coyamba cimeneco musacisinthe. Pangani cina ca kusewera naco: cisandutseni cakuda ndi coyera, mukweze pamene palembedwa Contrast, mutsitseko pang'ono Brightness. Zilembo zambiri zimene maso analephera zimatulukira pamenepa.

Pali kanjira kena ka pepala la pinki lokhala ndi zilembo za buluu. Phimbani toci ya foni ina ndi kapulasitiki kofiira koonekera, monga ka switi, muunike lisitiyo m'cipinda ca mdima. Pepala la pinki limabweza kuwala kofiira, ndiye limaoneka loyera, pamene utoto wa buluu umakumeza, ndiye umaoneka wakuda. Koma dziwani kuti cidindo cofiira ndi nambala yofiira ya pakona zimazimirira m'kuwala kumeneku, ndipo zilembo zotuwa sizithandizika kwambiri.

Mmene bolopeni inadutsa

Njira imene imapulumutsa malisiti ambiri ndi ya toci yogoneka. Kuti kope ituluke, wolemba amafunika kukanikiza, ndipo kukanikizako kumasiya timigula pa pepala la pansi. Utoto ungazimirire, koma timigula timatsala, pokhapo ngati pepala linanyowa kwambiri ndi kufufuma kapena linapindidwa pamalo pomwepo.

Yembekezani usiku, kapena malaiti akapita. Gonekani lisiti pa tebulo, muike toci pambali, pafupifupi kukhudza tebulo, kuti kuwala kukwawe pa pepala monga dzuwa la m'mawa likwawira pa mizere ya m'munda. Mgula uliwonse umapanga kamthunzi. Unikani kucoka kumanzere, kenaka kucoka pamwamba, cifukwa mzere woimirira umaoneka kuwala kukacoka m'mbali, ndipo mzere wogona umaoneka kuwala kukacoka pamwamba kapena pansi. Apa ndipo anthu ambiri amaphonya. Amaunika mbali imodzi cabe, amaona ndodo yoimirira, n'kunena kuti ndi 1, pamene denga la 7 likanaoneka akanatembenuza toci. Tembenuzaninso pepala muone kumbuyo, kumene zilembo zimatukuka monga zipsera, ngakhale kuti zimawerengeka cobwerera.

Wina pa basi adzakuuzani kuti, "Ah, ungopaka cabe pensulo, vizaoneka." Zoona, zimaoneka nthawi zina. Koma pensulo imadetsa utoto wotsala, imafafaniza timigula tosazama, ndipo lisiti yopakidwa imapatsa mnzanu wa mkangano mpata wonena kuti mwaisintha. Cimodzimodzi kubwereza ndi bolopeni pamwamba pa zilembo zofooka. Mukatero lisitiyo yasanduka dzanja lanu, ndipo ku khoti kapena kwa aceyamani a msika siikhalanso ndi mphamvu imene inali nayo. Zonse zimene mwawerenga muzilembe pa pepala lina.

Masamu a pa lisiti

Pa lisiti ya amai athu, mzere woyamba ndi matumba 4 a unga. Mtengo wa thumba uoneka 3, malo osadziwika, 0. Ndalama ya mzere wonse ioneka 1,3, malo osadziwika, 0. Apa masamu amacita zimene maso alephera. Matumba 4 pa K320 ndi K1,280, ndiye sizigwirizana ndi 1,3. Pa K350 ndi K1,400, sizigwirizananso. Zatsala ziwiri cabe: K330 imene ipatsa K1,320, kapena K340 imene ipatsa K1,360.

Mizere ina iwiri ioneka bwino. Zigubu 2 za saladi pa K620 ndi K1,240, ndipo katoni ya sopo ndi K185. Tikaphatikiza ndi K1,320 tipeza K2,745. Tikaphatikiza ndi K1,360 tipeza K2,785. Totolo ya pa lisiti ioneka 2,7, malo osadziwika, 5, ndiye zonse ziwiri zikali zotheka. Koma tsopano funso lacepa. Poyamba nambala yosowayo ikanakhala iliyonse mwa khumi, manje ndi 4 kapena 8 basi. Ziwirizi sizifanana: 4 ili ndi makona, 8 ndi yozungulira pamwamba ndi pansi. Toci ionetsa mizere yokhota, ndiye ndi 8. Totolo ndi K2,785, ndipo pamenepo tadziwanso kuti thumba linali K340.

Pa lisiti ya shopu yolembetsa VAT pamakhala cothandizira cina. Msonkho umenewu mu Zambia ndi 16 peresenti, ndiye ngati mzere wa VAT uoneka K160, katundu wokhomeredwa msonkhoyo anali wa K1,000. Cenjerani cabe kuti si katundu aliyense amene ali ndi VAT, cotero pa lisiti yosakaniza zinthu masamuwo sadzagwera pa totolo yonse. Ndipo ngati pali mzere umene ndalama inalembedwa m'mau, yambani ndi umenewo. Liu lalitali silizimirira lonse, ndipo ngakhale kutalika kwake kokha kumasiyanitsa nambala ina ndi inzake.

Tifike pa mkangano weniweni. Mzere wa ndalama yolipira uoneka 1, malo osadziwika, 00. Mzere wa balansi uoneka 1, malo osadziwika, 85. Ngati amai analipira K1,700, balansi ndi K1,085. Ngati analipira K1,100, balansi ndi K1,685. Masamu apa agwirizana ndi mbali zonse ziwiri, ndipo tsoka lake n'lakuti 1 ifanana ndi 7, 0 ifanana ndi 6, manambala amene amasokoneza kwambiri pa kaboni yofooka. Enanso ndi 3 ndi 8, komanso 4 ndi 9.

Cimene cithandiza tsopano ndi dzanja la wolemba. Munthu aliyense ali ndi kalembedwe kake ka manambala, ndipo sakasintha pa lisiti imodzi. Pa totolo ya 2,785 pali 7 yooneka bwino, ndipo mnyamata wa pa holoseloyo amaidula pakati ndi kamzere. Pa malisiti ena a shopu yomweyo, 1 yake ndi ndodo cabe yopanda mutu. Ndiye pa mzere wolipira tifunafuna zinthu ziwiri, denga ndi kamzere ka pakati. Toci ikacoka pamwamba, timithunzi tiwiri togona tioneka. Pa balansi tiyang'ana kutalika: 6 ya wolembayu imakwera kupitirira manambala anzake, pamene 0 yake ndi yaifupi, yofanana ndi ma 0 a pa mzere wolipira. Mgula wa pa balansi ndi waufupi ndi wotsekeka. Mizere iwiri yosiyana yanena cinthu cimodzi, K1,700 yolipira ndi K1,085 yotsala. Ukanakhala mzere umodzi cabe, ine sindikanaudalira.

Nambala za alendo

Pa lisiti yomweyi, cakumunsi, pali 500 yopendekeka imene siili mu mzere uliwonse. Munthu wofulumira angaiwerenge monga ndalama ina yolipira, n'kupita ku Soweto ndi ukali. Imeneyo ndi nambala ya kasitomala wina. Mabuku opanda kaboni amabwera ndi cikuto colimba cimene wolemba ayenera kulowetsa pansi pa masamba amene akulemba. Akaiwala, kapena cikutoco cikang'ambika, zolemba za lisiti 4430 zimadutsa mpaka pa kope ya 4431. Zimacitikanso munthu akalemba kanthu kena atatsamira pa bukulo.

Nambala yacilendo imadziwika ndi zinthu zitatu. Imakhala yofooka ndi yofalikira kuposa zinzake cifukwa inadutsa masamba ambiri, mgula wake umakhala wosazama kapena kulibe, ndipo siilowa m'masamu. Mukaika 500 imeneyo paliponse, totolo ndi balansi zimakana. Isiyeni, koma lembani pambali kuti ilipo, kuti wina akadzaifunsa mukhale ndi yankho.

Vuto lina ndi la tsamba losuntha. Kope ya pansi ikakhala kuti sinagone molingana ndi ya pamwamba, zolemba zonse zimatsika kapena kukwera theka la mzere, ndipo mtengo wa sopo umaoneka monga uli pa saladi. Onani deti kapena siginecha. Ngati deti yagwera pansi pa mzere wake, dziwani kuti zonse zatsika mofanana, ndipo muwerenge mocotsera kusunthako.

Deti ili m'malisiti anzake

Deti ndi imene imazimirira kwambiri, cifukwa ili pamwamba pakona pamene zala zimagwira, ndipo wolemba amailemba mothamanga. Kuno timayamba ndi tsiku, kenaka mwezi, kenaka caka, ndiye 1 ndi cosadziwika, 3, 25 ndi tsiku lina pakati pa 10 ndi 19 Malici 2025. Nambala yosowayo ili ndi ndodo yoimirira, cotero ingakhale 11, 14 kapena 17.

Apa nambala yofiira ija igwira nchito. Amai athu amaoda kawirikawiri, ndipo m'cikwama cao muli malisiti ena awiri a buku lomwelo. Ya nambala 4412 ili ndi deti yooneka, Lolemba pa 10 Malici. Ya 4468 ndi ya Ciwelu pa 15 Malici. Buku limalembedwa motsatira manambala, ndiye 4431 ili pakati pa masiku awiriwa, ndipo 17 yagwa. Pakati pa 11 ndi 14 tingayerekeze ndi liwiro la buku. Kucoka 4412 kufika 4468 ndi malisiti 56 m'masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, pafupifupi khumi pa tsiku. Yathu ili patsogolo pa 4412 ndi malisiti 19 cabe, ndiye yayandikira Laciwiri pa 11 kuposa Lacisanu pa 14. Kumeneku ndi kuyerekeza, cifukwa masiku ena malonda amathamanga, ndiponso pa 12 Malici ndi holide ya acinyamata. Toci ndiyo itsiriza: 4 ikanakhala ndi mzere wogona, ndipo palibe. Deti ndi 11 Malici 2025.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Shopu yaikulu ingakhale ndi mabuku awiri kapena atatu nthawi imodzi, lina pa kauntala, lina kwa wa galimoto. Yerekezani cabe malisiti amene manambala ake ayandikana, a mtundu umodzi wa pepala ndi dzanja limodzi. Kalendala imathandizanso. Ngati kuwerenga kwanu kwagwera pa Sondo ndipo shopuyo siitsegula pa Sondo, bwererani ku toci.

Kwa amene asunga malisiti akale a mabuloko, simenti ndi malata, amene m'komboni amakhala umboni wa amene anamanga nyumba, ndalama yokha imanena nyengo. Pa 1 Januwale 2013 kwacha inacotsedwa ma 0 atatu. Lisiti ya thumba la simenti ya K60,000 ndi ya nyengo ya kwacha yakale, ndipo m'ndalama ya lero ndi K60. Lisiti yolembedwa KR kutsogolo kwa ndalama ndi ya nthawi ya kusinthako, makamaka miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya 2013, ngakhale ena anapitiriza kulemba motero mwa cizolowezi. Mibadwo imene inakula pambuyo pake imawerenga ma 0 amenewa molakwa pa mikangano ya maliro, n'kuganiza kuti malemu anaononga cuma cambiri pa zipupa.

Nanga inacoka kwa ndani?

Dzina la wogulitsa ndilo lovuta kwambiri, cifukwa nthawi zambiri silinazimirire, silinalembedwepo n'komwe. Shopu yogwiritsa nchito buku wamba imadinda cidindo pa tsamba la pamwamba, ndipo inki ya cidindo siidutsa. Pa mabuku opanda kaboni, wodinda mwamphamvu amasiyako mthunzi wa mphepete mwa cidindo, wozungulira kapena wamakona, nthawi zina ndi manambala angapo a foni. Mthunziwo, nambala yofiira, siginecha ndi dzanja la wolemba ndizo zimakulolani kuika lisiti yopanda dzina pa mulu umodzi ndi ina imene inadindidwa. Kwa amai athu, 4412 inadindidwa bwino, ndipo 4431 ili m'buku lomwelo ndi dzanja lomwelo.

Ngati mutu wa lisiti unasindikizidwa koma wang'ambika kapena wadyedwa ndi madzi, funani manambala, cifukwa amapirira kuposa dzina. TPIN ya ZRA ili ndi manambala khumi, ndipo mukawerenga asanu ndi atatu cabe dziwani kuti awiri asowa, musaikepo anu. Nambala ya foni yathunthu mungaiyese pa mobailo mane: yambani monga mufuna kutuma ndalama, dzina lolembetsa lioneka musanaike nambala yanu yacinsinsi, ndipo pamenepo lekani. Dzinalo lingakhale la mwini shopu, la mkazi wake kapena la wanchito amene anacoka kale, ndiye ndi poyambira cabe. Dzina la bizinesi looneka theka mungalifufuze ku PACRA, kumene makampani ndi maina a mabizinesi amalembetsa, koma mashopu ambiri a m'misika amadziwika ndi dzina la pa cipupa losiyana ndi la pa mapepala.

Cenjerani ndi tumau ting'ono twa m'munsi kapena m'mbali mwa lisiti. Kawirikawiri limenelo ndi dzina la kampani yosindikiza bukulo. Pali anthu amene alemba wosindikiza m'kaundula wao monga wogulitsa unga, cifukwa ndilo dzina lokha limene linaoneka.

Polemba zimene mwapeza

Tengani kope la sukulu, mupatse lisiti iliyonse mzere wake: nambala yofiira, deti, wogulitsa, totolo, yolipira, yotsala. Cofunika kwambiri ndi kusiyanitsa mmene munadziwira nambala iliyonse. Imene mwaona ndi maso ilembeni wamba. Imene mwapeza ndi masamu kapena ndi malisiti anzake muidule mzere pansi, ndi kulemba pambali njira yake, monga "4 × 340". Imene mukali kukaikira ikhale ndi cizindikiro ca funso. Msungicuma wa cilimba kapena wa gulu la banki ya m'mudzi amene acita zimenezi amapewa manyazi pa tsiku logawana, cifukwa wofunsa aliyense amaona pamene nambala inacoka. Amene alipira msonkho akumbukire kuti ZRA imafuna kuti mapepala a bizinesi asungidwe zaka zisanu ndi cimodzi, nthawi imene kope ya pinki yosiyidwa pa windo siingafike. Ngakhale malisiti a Smart Invoice, imene ZRA inayamba kukakamiza kwa olembetsa VAT mu Julayi 2024, ambiri amatuluka pa kapepala kotentha kaja, ndiye naonso afunika kujambulidwa tsiku lomwelo.

Amai athu tsopano ali ndi deti, ndipo deti imatsegula khomo lina. Ngati gawo la ndalama linadutsa pa foni, uthenga wa pa 11 Malici ungakhale ukali m'foni, kapena angapemphe sitetimenti ku kampani ya foni. Ngati analipira kashi, atsala ndi cithunzi coyamba, cithunzi ca toci ndi kope lao la masamu. Apite nazo ku Soweto, lisiti yeniyeni ili mu envulopu ya pepala, ndipo asaisiye m'manja mwa munthu. Pempho lao likhale lacindunji: buku la Malici, tsamba loyera la nambala 4431. Wa holoselo amene wauzidwa nambala ya tsamba ndi tsiku savutika kulipeza monga amene wangouzidwa kuti "ninalipila kudala". Tsamba loyeralo linalembedwa ndi bolopeni yeniyeni, ndipo likaikidwa pamwamba pa kope ya pinki poyang'ana kuwala, mizere iyenera kugwerana ndendende. Ngati pa loyera pali 1 pamene pa pinki pali mgula wa denga ndi kamzere ka pakati, kapena pali inki imene pa pinki ilibe mgula wake, ndiye kuti tsamba lina linakhudzidwa masamba atalekana kale. Nkhani ikafika pamenepo imapita kwa akulu a msika, ndipo ikakanika kumeneko kuli Small Claims Court, khoti ya milandu ing'onoing'ono ya ndalama, kumene munthu amadziimira yekha popanda loya.